Mtsutso wa mtunda ndi udindo wothandiza anthu osawadziwa: mmene mungamangire mfundo za mbali yovomereza

Funso: "Aphunzitsi, ndili Fomu 3 ndipo ndasankhidwa kuti ndidzayambe kuyankhula pa mpikisano wa mtsutso. Mutu ndi wakuti, 'Kutalika kwa mtunda sikuchepetsa udindo wathu wothandiza anthu ovutika amene sitikuwadziwa.' Ife tili mbali yovomereza. Anzanga akuti taluza kale chifukwa aliyense amadziwa kuti munthu amayamba wathandiza akwawo. Ndalemba masamba awiri koma zikungomveka ngati ulaliki. Ndiyambire pati?"

Yankho:

Khazika mtima pansi, mwanawe. Mbali mwapatsidwayo ndi yolimba kuposa mmene anzako akuionera, bola musakatenge katundu amene mutuwo sunakusenzetseni. Mutu sukunena kuti munthu asiye mayi ake ndi njala n'kutumiza ufa kwa mlendo wa kutsidya la nyanja. Ukunena chinthu chimodzi chopapatiza: kuti makilomita, pa iwo okha, sachotsera kanthu pa udindo. Gulu limene limvetse zimenezi msanga ndi limene limapambana, ndipo magulu ambiri ovomereza amagwa chifukwa chofuna kutsimikizira zambiri, monga zoti anthu onse tiyenera kuwakonda mofanana. Zimenezo ndi zovuta kuziteteza, ndipo palibe wakupemphani kuti muziteteze.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti mtunda suyenda wokha. Munthu akakhala kutali, kawirikawiri sitidziwa bwino vuto lake, tilibe njira yomufikira msanga, si m'bale wathu, ndipo alipo ena ambiri amene angamuthandize. Zinayi zimenezi zimabwera pamodzi ndi mtunda, choncho omvera amaganiza kuti mtundawo ndi umene ukuchepetsa udindo. Ntchito yonse ya zoyankhula zako ndi kuzilekanitsa chimodzichimodzi pamaso pa oweruza, n'kuonetsa kuti ukazichotsa, makilomita otsalawo alibe mphamvu iliyonse. Ndiye mkati mwa mphindi ziwiri zoyamba uyenera kunena momveka, mwina motere: "Ife tikuvomereza kuti kusadziwa, kusowa njira yothandizira ndi chibale zimasintha zimene munthu ayenera kuchita. Chimene tikukana n'chakuti anthu awiri osawadziwa, ovutika mofanana, amene tingawathandize mofanana, mmodzi akhale ndi ufulu wochepa pa thandizo lathu chifukwa chongokhala kutali." Ukalephera kunena zimenezi poyamba, otsutsa adzakoka mtsutso wonse kupita ku nkhani ya banja, ndipo mudzathera nthawi yonse mukudziteteza.

Apa pali chenjezo. Otsutsa anzeru adzadandaula kuti mwapanikiza mutu mpaka sunasiye malo otsutsirana. Uwayankhe kuti malowo alipo, chifukwa alipo anthu ophunzira kwambiri amene amakhulupirira kuti kuyandikira pakokha kumawonjezera udindo. Mmodzi wa iwo ndi Frances Kamm, katswiri wa ku America wa nzeru za makhalidwe, amene analemba zoti munthu ali ndi udindo waukulu pa zimene zikuchitika pafupi ndi iye. Ukamutchula wekha, oweruza amaona kuti mwawerenga mbali zonse ziwiri ndiponso kuti tanthauzo lanu silinatseke mtsutso.

Tsopano mfundo yaikulu. Amene anaitchukitsa ndi Peter Singer wa ku Australia, m'nkhani imene analemba mu 1971 n'kusindikizidwa mu 1972, pa nthawi imene anthu mamiliyoni a ku East Bengal, kumene lero ndi Bangladesh, ankathawa nkhondo ndi njala kulowa ku India. Chitsanzo chake chinali cha mwana amene akumira m'dziwe losazama. Iwe ukudutsa, ndipo ungamuvuule mosavuta, kungoti zovala zako zida ndi matope. Pafupifupi aliyense amavomereza kuti kumusiya mwanayo ndi kulakwa. Singer anafunsa kuti, nanga chikusintha n'chiyani mwanayo akakhala kutali kwambiri, pamene thandizo lako lingamupulumutse chimodzimodzi? Mfundo yake anaipereka m'mitundu iwiri. Wolimba umati uzipereka mpaka pamene kupereka kwina kungakupweteke mofanana ndi vuto limene ukuthetsalo. Wofewa umati uzithandiza ngati sizikukutayitsa chinthu chofunika kwenikweni. Pa mtsutso tenga wofewawo. Wolimba uja umakufikitsa pa malo oti otsutsa akufunse chifukwa chimene wavalira nsapato zabwino pamene ana akufa, ndipo omvera adzaseka.

Usangobwereza dziwe la Singer monga lilili, chifukwa oweruza odziwa mtsutso analimva kambiri. Limange mwatsopano ndi malo amene omvera akuwadziwa, ndipo uliyendetse pang'onopang'ono, kusintha chinthu chimodzi chokha pa sitepe iliyonse. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire, moti pa malo ngati Lizulu mbali ina ya msewu ndi Malawi, ina ndi Mozambique. Unganene motere: "Mwatsika minibasi pa Lizulu. Mwana wosamudziwa wagwera m'chitsime chosazama mamita khumi kuchokera pamene mwaima. Kumutulutsa kuononga nsapato zanu zatsopano. Kodi muli ndi udindo? Tonse tikuti inde. Tsopano chitsimecho chili tsidya lina la msewu, m'dziko la Mozambique. Kodi udindo wachepa chifukwa mwawoloka tala? Ayi. Tsopano chili pa mtunda wa makilomita awiri, mwamva pa foni, ndipo njinga yamoto yokufikitsani pa nthawi yake ikufuna ndalama zofanana ndi mtengo wa nsapato zija. Tsopano chili pa makilomita 500, ndipo munthu amene ali pomwepo akungosowa ndalama yomweyo kuti atenge mwanayo kupita naye kuchipatala, ndipo inu mungaitumize pa foni m'masekondi ochepa. Mwana ndi yemweyo, mtengo ndi womwewo, chipulumutso ndi chotsimikizika chimodzimodzi. Anzathu otsutsa atiuze kilomita imene udindo unayambira kuchepa."

Ona mmene chitsanzochi chapangidwira. Pa sitepe iliyonse mtengo kwa iwe sunasinthe, kukula kwa vuto sikunasinthe, ndipo kutsimikizika kwa thandizo sikunasinthe. Ukalola chimodzi mwa zitatuzi kusuntha, chitsanzo chonse chagwa. Cholakwika chofala ndi kuyamba ndi mwana mmodzi womira n'kuthera pa "anthu anjala a ku dziko lakuti". Pamenepo wasintha zinthu zingapo nthawi imodzi: mmodzi wasanduka miyandamiyanda, ngozi ya mphindi imodzi yasanduka umphawi wa zaka, ndipo dzanja lako lasanduka bungwe limene sukulidziwa. Wotsutsa wochenjera adzangoimirira n'kunena kuti zinthu ziwirizi si zofanana, ndipo adzakhala akunena zoona. Njira yodziyesera ndi yosavuta. Lemba masitepe ako anayi pa pepala, ndipo pa iliyonse udzifunse kuti chasintha n'chiyani kupatula makilomita. Ukapeza china, konza.

Funso lakuti "atiuze kilomita" ndi lokoma m'makutu, koma lili ndi yankho, ndipo ulikonzekere. Adzati palibe amene angaloze mphindi imene usana umathera ndi usiku kuyamba, komabe usana ndi usiku n'zosiyana, ndiye kusowa kwa malire enieni sikutanthauza kuti kusiyana kulibe. Ndi yankho labwino, usalinyoze. Uwauze kuti pa usana ndi usiku tikudziwa chimene chikuchepa pang'onopang'ono, ndiko kuwala. Ndiye atchule chimene chikuchepa makilomita akamachuluka. Apa ndi pamene mumawagwirira, chifukwa chilichonse chimene angatchule chidzakhala chimodzi mwa zinthu zinayi zija, ndipo chilichonse mwa izo chingapezeke pafupi n'kusowa kutali, kapena kupezeka kutali n'kusowa pafupi.

Tenga chibale, chimene anzako akuchiopacho. M'holomo mudzakhala anthu ambiri amene ali ndi achimwene kapena atsibweni ku Joni, amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi. Palibe amene amati udindo wa mwana kwa mayi ake a ku Mzimba wachepa chifukwa akugwira ntchito ku Cape Town. Ndipo munthu amene wakhala naye mpando umodzi m'basi ali pafupi kwambiri koma si m'bale wako. Choncho chibale ndi mtunda ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo otsutsa akamati "yamba ndi akwanu" akukamba za chibale, chimene mutu wachichotsa kale ponena za anthu osawadziwa. Chitsanzo cha ku Jonichi uchigwiritse ntchito pa cholinga chimenechi chokha. Usachikoke kuti chitsimikizire udindo kwa alendo, chifukwa adzakuyankha kuti ndalamazo zimapita kwa abale, ndipo pamenepo udzaoneka ngati wadzitsutsa wekha.

Nkhani ya kuthekera imayenda chimodzimodzi. Munthu angakhale pa khomo la chipinda cha opaleshoni, mamita atatu kuchokera kwa wodwala, koma osatha kuchita kanthu chifukwa si dokotala. Wina angakhale kutali kwambiri koma ali ndi ndalama yogulira mankhwala amene akusowa. Kale mtunda ndi kuthekera zinkayendera limodzi. Uthenga unkayenda ndi miyendo, ndipo pofika thandizo, wodwala anali ataikidwa kale. N'chifukwa chake mitima yathu inazolowera kumva kuti za kutali sizitikhudza. Lero ndalama imachoka ku Lilongwe kufika ku Nsanje pa Mpamba kapena pa Airtel Money munthu asanamalize kumwa tiyi. Mfundo imeneyi ndi yothandiza chifukwa imafotokoza chimene omvera akumva mumtima popanda kuwanyoza. Ukuwauza kuti maganizo awowo anali ndi chifukwa chomveka pa nthawi yake, koma chifukwacho chinali kuthekera.

Zoti alipo ena ambiri othandiza sizifuna nthawi yaitali. Bwezera omvera pa chitsime chija, uikepo anthu makumi awiri amene angoima n'kumaonerera. Palibe amene anganene kuti kuchuluka kwa oonerera kwakumasula iwe kuti umusiye mwanayo.

Chovuta kwenikweni ndi kusatsimikizika, ndipo apa ndikupempha kuti usachite makani. Otsutsa adzati ndalama zotumiza kutali zimabedwa m'njira, zina zimathera pa magalimoto ndi misonkhano ya mabungwe, ndipo nthawi zina thandizo lochokera kunja limabweretsa mavuto atsopano. Angatchule kolera imene inabuka ku Haiti mu 2010, imene inafika ndi asilikali osungitsa mtendere a United Nations, ndipo bungwelo linadzavomereza mbali yake mu 2016. Zimenezi ndi zoona, ndipo ukazikana wataya chikhulupiriro cha oweruza. Vomereza kuti thandizo likakhala lokayikitsa, chifukwa choliperekera chimafooka. Kenaka onetsa kuti kukayikitsako kulibe chochita ndi makilomita: wopempha wabodza angakupeze pa depoti ya basi ya kwanu komweko, ndipo chipatala chodalirika chingakhale kutali. Ungawerengetsenso pamaso pawo, ukunena poyera kuti manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti uli ndi K20,000. Pafupi, ndalamayo ithandiza munthu mmodzi pa vuto laling'ono, ndipo yonse ifika. Kutali, K6,000 ithera m'njira, koma K14,000 yotsalayo igula mankhwala a ana angapo amene akutsegula m'mimba moopsa. Ngakhale gawo latayika, chabwino chochitika kutaliko n'chachikulu. Ndiye kubedwa kwa thandizo kukutiuza kuti tisankhe bwino njira yotumizira, ndipo sikukutiuza kuti munthu wa kutaliyo ndi wochepa mtengo.

Pali mfundo ina imene otsutsa a kuno amaikonda: "Ifenso ndife osauka, tingathandize bwanji a kutali?" Yankho lake lili m'mawu a mutu. Udindo umakula kapena kuchepa molingana ndi zimene munthu ali nazo, ndipo wosauka ali ndi udindo wochepa kwa mlendo wa pafupi ndi wa kutali yemwe. Chimene chamuchepetsera ndi umphawi wake. Ndipo usaope kunena kuti kwa Mmalawi wamba, munthu wovutika kwambiri amene angamufikire nthawi zambiri amakhala wa pafupi ndithu, ndiye kumuthandiza iyeyo sikutsutsana ndi mbali yanu. Wasankhidwa chifukwa cha kukula kwa vuto lake ndi kufikirika kwake. Mfundo yomweyo ikafika kwa munthu wopeza bwino wa ku London, imamulozera kuno. Yankho lomweli limagwiranso pamene adzati mfundo yanu ikutanthauza kuti tipereke zonse mpaka titsale opanda kanthu. Malire a kupereka alipo, ndipo amaikidwa ndi zimene kuperekako kukutayitsa iwe ndi ana ako. Malire omwewo akanakhalapo ngakhale ovutika onse akanasonkhana pa bwalo la pakhomo pako.

Mfundo yachiwiri ya zoyankhula zako ikhale ya munthu wovutikayo, chifukwa yoyamba yayang'ana wothandiza. Palibe amene anasankha kobadwira. Mwana wobadwira pafupi ndi anthu olemera ndi mwana wobadwira kutali nawo amamva njala mofanana. Ngati mtunda umachepetsa udindo, ndiye kuti amene ali kutali ndi chuma, omwe ndi ovutikitsitsa kale, ndi amenenso ali ndi ufulu wochepa wothandizidwa. Apa ndi pamene namondwe wa Freddy amalowera. Mu Malichi 2023 anakantha chigawo cha kummwera, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo maboma ngati Mulanje, Phalombe ndi Nsanje anaonongeka kwambiri. Thandizo linachokera kwa Amalawi a m'zigawo zina, ku mayiko oyandikana nafe ngati Tanzania ndi Zambia, ndi kwa anthu a kutali amene sanapondepo kuno. Funsa omvera: kodi tili okonzeka kunena kuti munthu wa ku Karonga anali ndi udindo wochepa kwa mwana wa ku Chilobwe kuposa munthu wa ku Zomba, pamene onse awiri sankamudziwa ndipo onse akanatha kutumiza ndalama yofanana? Dziwa malire a chitsanzochi. Sichitsimikizira mutu, chifukwa otsutsa angati othandizawo anangochita chifundo choposa udindo wawo. Ntchito yake ndi kuonetsa omvera mtengo wa mbali yotsutsa ukaigwiritsa ntchito pa ife eni. Ndipo uyankhule za Freddy mofatsa, osakometsera, chifukwa m'holomo mungakhale wina amene anataya m'bale. Ngati ukufuna kutchula chiwerengero cha omwalira, chitenge m'malipoti a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo utchule kumene wachitenga.

Tsopano za ulaliki umene ukuti ukumveka m'masamba ako. Kawirikawiri umabwera chifukwa cha miyambi ndi mavesi oikidwa m'malo mwa mfundo, ndipo pa mutu uno ena mwa iwo ndi misampha. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako" ndi "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe" zimamveka ngati zili kumbali yako, koma taziyang'anitsitsa. Woyambawo ukuti thandiza chifukwa udzabwezeredwa. Amene angadzazime ndevu zako ndi amene ali pafupi, ndiye wotsutsa wakuthwa adzautenga mwambiwo n'kukumenya nawo. N'chimodzimodzi ndi "kupatsa n'kuika". Ngati udindo wakhazikika pa kubwezerana, munthu wa kutali amene sudzakumana naye alibe gawo. Mbali yako iyenera kukhazika udindo pa vuto la munthuyo ndi kuthekera kwako, ngakhale sipadzakhala chobwerera.

Fanizo la Msamariya wachifundo pa Luka 10 lilinso ndi vuto lofanana. Limathandiza pa nkhani ya munthu wosamudziwa ndi wa mtundu wina, koma Msamariyayo anafika pamene wovulalayo anagona, anamuona ndi maso, n'kumukhudza ndi manja. Ndi nkhani ya munthu wa pafupi. Ngati mpikisano wanu umalola mavesi, oyenera mtunda ndi Machitidwe 11:27-30, pamene okhulupirira a ku Antiokeya anatumiza thandizo ku Yudeya pa nthawi ya njala, aliyense monga mmene akanathera, ndi Aroma 15:26, pamene a ku Makedoniya ndi Akaya anasonkhera osauka a ku Yerusalemu. Ngakhale apa adzakuuza kuti ankathandiza okhulupirira anzawo, ndipo adzatulutsa 1 Timoteyo 5:8 wonena za munthu wosasamala a m'banja lake. Ine ndikanati vesi likhale chiganizo chimodzi chokometsera, chifukwa oweruza sakhala a chipembedzo chimodzi ndipo amapereka malikisi pa kaganizidwe. Chitsanzo cha anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi amene Malawi anawalandira pa nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992 nachonso chisamale nacho. Chikuonetsa kuti malire a dziko sanatiletse kuthandiza, koma anthuwo anabwera pakhomo pathu, ndipo ambiri anali a mitundu ndi zilankhulo zomwe zili kunonso.

Otsutsa akadzati, "Koma aliyense mumtima mwake amamva kuti wa pafupi ndiye woyamba," pali kafukufuku mmodzi wothandiza. Mu 2007, Deborah Small, George Loewenstein ndi Paul Slovic anasindikiza zotsatira za kuyesa kumene anachita ku America. Anthu ena anawaonetsa chithunzi ndi nkhani ya kamtsikana kamodzi ka zaka 7 ka ku Mali, ena anawawerengera ziwerengero za anthu mamiliyoni ovutika m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo ana okhudzidwa ndi njala ku Malawi. Amene anaona kamtsikanako anapereka ndalama zambiri kuposa amene anamva ziwerengero. Ona kuti kamtsikanako kanali kutali ndi operekawo chimodzimodzi ndi ana a ku Malawi aja. Chimene chinagwira mtima ndi nkhope ndi dzina. Choncho zimene timaziyesa mphamvu ya kuyandikira, mbali yaikulu ingakhale mphamvu ya kuona. Uutchule mwachidule ndipo usamange nyumba yonse pa iwo, chifukwa ena amene anadzabwereza kuyesaku sanapeze zotsatira zomwezo nthawi zonse. Komanso kafukufuku wotere amangofotokoza mmene anthu amachitira, ndipo mutu wanu ukufunsa mmene ayenera kuchitira. Wotsutsa akasakaniza ziwirizi, muloze.

Za kagawidwe ka nthawi, choyamba funsa aphunzitsi oyang'anira kalabu yanu kuti mpikisanowo ukutsata malamulo ati, chifukwa amasiyana. M'kachitidwe ka mpikisano wa sukulu za sekondale wa dziko lonse lapansi, mbali iliyonse imakhala ndi oyankhula atatu, aliyense mphindi 8, ndipo pomaliza pamakhala kuomba mkota kwa mphindi 4. Malikisi amagawidwa 40 pa mfundo, 40 pa kayankhulidwe ndi 20 pa kasanjidwe ndi kusankha zofunika. Ngati nanunso ndi mphindi 8, masekondi 40 oyamba apite ku sitepe yoyamba ya chitsime chija, popanda moni wautali. Pofika 1:45 ukhale utamaliza kutanthauzira mutu ndi kunena zimene mukuvomereza, ndipo pofika 2:00 utanena zimene mnzako wachiwiri adzakambe. Kuyambira pamenepo mpaka 5:00 ndi nthawi ya masitepe otsala a chitsime ndi kulekanitsa chibale ndi kuthekera. Kuchoka 5:00 mpaka 7:00 ndi mfundo ya kobadwira ndi Freddy. Mphindi yomaliza ubwereze funso limene otsutsa ayenera kuyankha, lakuti atchule chimene chimachepa ndi makilomita chomwe si kudziwa, kuthekera, chibale kapena kuchuluka kwa othandiza. Za kubedwa kwa thandizo, za umphawi wathu ndi za kafukufuku uja musiyire woyankhula wachiwiri ndi wachitatu. Woyamba akafuna kuyankha zonse zimene sizinanenedwe, amathamanga, ndipo chitsime chija chimafuna kuyankhulidwa mosapupuluma, ndi kupuma pang'ono pambuyo pa funso lililonse.

M'kachitidwe komweko, otsutsa amaloledwa kuimirira ndi kafunso kakafupi pakati pa mphindi yoyamba ndi yachisanu ndi chiwiri, ndipo iwe uli ndi ufulu wolandira kapena kukana. Landira kamodzi kapena kawiri, koma osati uli pakati pa masitepe a chitsime. Maliza kaye, kenaka uloze amene waimirira. Funso limene ungaliyembekezere ndi ili: "Mayi ako ndi mlendo akumira, upulumutsa ndani?" Yankha m'chiganizo chimodzi kuti upulumutsa mayi ako, ngakhale atakhala kutali kuposa mlendoyo, ndipo zimenezo zikuonetsa kuti chagamula ndi chibale. Lina ndi lakuti, "Iwe watumiza zingati kwa anthu a ku Sudan?" Usakwiye. Nena kuti kulephera kwa munthu kukwaniritsa udindo sikutanthauza kuti udindowo kulibe, monga mmene kuchuluka kwa onama sikupangitsa bodza kukhala labwino, n'kupitiriza.

Masamba awiri ako aja usakawerenge pa siteji. Asandutse timakhadi tinayi kapena tisanu ta mitu yokha, ndipo uyeserere ndi wotchi, mokweza, mpaka uzithera pakati pa 7:45 ndi 8:15. Ngati mudzayankhula m'Chingerezi, yamba wafotokozera mng'ono wako masitepe a chitsime m'Chichewa. Pamene iye asokonezeke ndi pamene mfundo yako ili ndi bowo, ndipo Chingerezi chokoma sichingalitseke.

Kusanatsale masiku atatu, pempha aphunzitsi anu akonze mtsutso woyeserera, ndipo anzako amene akuti mwaluza kalewo ndi amene akhale mbali yotsutsa, chifukwa akukhulupirira zimene adzanene. Uwapatse dala yankho la usana ndi usiku ndi la Haiti kuti akumenye nazo. Ukaonenso ndi aphunzitsiwo mawu enieni a mutu monga alembedwera pa kalata ya mpikisano. Ngati akunena za "dziko" kapena "boma" m'malo mwa "ife", nkhani yasintha, chifukwa boma lili ndi udindo wapadera kwa nzika zimene zimalipira msonkho ndi kulisankha, ndipo chitsime cha pa Lizulu pachokha sichikwanira. Zikatero mufunika mphunzitsi wa maphunziro a za chikhalidwe cha anthu kuti akuthandizeni pa za mapangano a mayiko okhudza othawa kwawo ndi thandizo la pa ngozi, ndipo mfundo yachiwiri ija ya kobadwira ndi imene iyenera kupita patsogolo.